Ndakatulo yachisoni ikamamveka ngati nyimbo ya masewera: kukonza maliwu obwerezedwa

Vutoli limapeza alakatuli ambiri olemba ndakatulo zazifupi m'Chichewa, oyamba kumene ngakhalenso ozolowera. Munthu walemba mizere 6 kapena 8 yolira malemu, mawu ake onse ndi achisoni, koma akaiwerenga mokweza ikumveka yopepuka ndi yothamanga ngati nyimbo ya ana pamasewera. Omvera akugwedeza mitu motsatira kayendedwe ka mawu, koma palibe amene wakhudzidwa. Wolembayo amaganiza kuti chisoni chachepa, ndiye amathiramo misozi ina, imfa ina, manda ena. Sizithandiza. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala m'maliwu amene akubwerezedwa, ndiponso malo amene akubwerezedwerawo.

Chibwereza cha maliwu chili mitundu itatu. Pali kubwereza liwu loyamba la mawu oyandikana, monga ng' mu “ng'ombe” ndi “ng'oma”. Pali kubwereza malembo a liwu, a, e, i, o, u, monga o m'mwambi uja wakuti “Pang'onopang'ono ndi mtolo”. Ndiye pali kubwereza malembo opanda liwu m'kati mwa mawu, monga nd mu “mtondo” ndi “khonde”. Ambirife tinaphunzira zitatuzi m'kalasi la Chingerezi, pomwe mawu ambiri amathera ndi lembo lopanda liwu ndipo mawu oyandikana sayamba mofanana pokhapokha wolemba atachita dala. Chichewa sichili choncho. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu, ndipo galamala yathu imabwereza yokha maliwu kumayambiriro ndi kumathero a mawu, mlakatuli asanachite chilichonse. Apa ndi pamene pamachokera vuto.

Nayi ndakatulo yomwe ndaipeka dala kuti ikhale ndi zolakwika zomwe zimaoneka kawirikawiri:

Chisoni chachikulu chandigwira chaka chino,
Amayi anga apita, andisiya ndekha,
Mtima wanga ukupweteka, maso akutupa,
Pakhomo pano palibe pothawira,
Usiku ndikulephera kugona,
Ndikungoganiza, ndikungodandaula.

Iwerengeni mokweza musanapitirire. Mulibe bodza m'menemu, mulibenso Chichewa cholakwika. Koma mumva kuti pakamwa pakuyenda msanga kuposa nkhani yake.

Chizindikiro choyamba: mzere ukudumphadumpha pa chi-, cha-, pa-, a-

Mzere woyamba uli ndi ch ka 6: chisoni, chachikulu (kawiri), chandigwira, chaka, chino. Wolemba angasangalale kuti wapeza chibwereza champhamvu. Tsono chotsani mphatikira zonse za kumayambiriro, musiye masinde okha. Mutsala ndi -soni, -kulu, -gwira, -aka, -no. Palibe awiri amene akuyamba mofanana. Ch yense uja sanasankhidwe ndi mlakatuli. Mutangolemba “chisoni”, agwirizanitsi a gulu la chi- ndi zi- anabwera okha, chifukwa simunganene kuti “chisoni lalikulu”. Chimodzimodzi mzere wachiwiri: amayi, anga, apita, andisiya, a onsewo ndi aulemu ndi a galamala. Mzere wachinayi nawo pa- wa malo wakoka anzake: pakhomo, pano, palibe, pothawira.

Chibwereza chotere chimavulaza m'njira ziwiri. Khutu la Mchewa limachimva tsiku lonse, kumsika, pawailesi, kuchigayo, kotero silichiwerengera ngati luso. Chikachuluka mumzere umodzi chimasanduka kugunda kofanana, cha cha cha, ndipo kugunda kofanana kumafulumizitsa mzere. Chisoni sichifulumira.

Pofuna kudziwa ngati vuto lanu ndi limeneli, lembani ndakatulo yanu kachiwiri papepala lina mutachotsa mphatikira za gulu la dzina, za mwininkhani, za nthawi ndi za pamtherankhani. “Ndikungoganiza” akhale -ganiza, “ukupweteka” akhale -pweteka, “pakhomo” akhale khomo. Werengani mokweza zotsalazo. Ngati kufanana kwa maliwu kwatha konse, ndiye kuti simunayambe n'komwe kusankha maliwu. Ngati kwatsala pang'ono, apo ndiye poyambira.

Miyambi yathu imaonetsa bwino kusiyanaku. Mu “Chala chimodzi sichiswa nsabwe”, ch ali katatu, ndipo onse ndi a galamala. Koma chimene chimatsala m'khutu ndi kumathero, “sichiswa nsabwe”, pomwe s akutsatizana m'masinde, -swa ndi nsabwe, ndipo w akubwera kawiri atamatirira lembo lina, sw ndi bw. Amene anaumba mwambiwu akanatha kunena kuti “sichipha nsabwe”, tanthauzo likanakhala lomwelo, koma mphamvu ikanachepa. Yesani kutchula njira zonse ziwiri mumve. Ngakhale m'ndakatulo zakale za Chingerezi, zomwe mzere wake unkamangidwa pa chibwereza cha liwu loyamba, liwu lowerengedwa linali la phatikizo lotsindikidwa, kawirikawiri la tsinde, osati la kamphatikira kopepuka ka kumayambiriro.

Kukonza kwake sikuthetsa agwirizanitsi, chifukwa n'zosatheka. Chepetsani afotokozi ndi alozi omwe akungokoka mgwirizanitsi wina popanda kuwonjezera kanthu. “Chachikulu” ndi “chaka chino” angachoke mumzere woyamba uja osasowedwa. Kenaka sakanizani magulu a mayina mumzere umodzi, kuti dzina la gulu la mu- ndi mi- likumane ndi la gulu la li- ndi ma-, mgwirizanitsi asalamulire yekha. Mukafuna liwu loyamba libwerezedwe, lifuneni pa tsinde.

Chizindikiro chachiwiri: mizere yonse ikuthera mu -a, koma sikugwirizana

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe ambiri amatayira nthawi. M'ndakatulo ija mizere 5 mwa 6 ikuthera ndi -a: ndekha, akutupa, pothawira, kugona, ndikungodandaula. Papepala zikuoneka ngati mathero ofanana. Koma pafupifupi mneni aliyense wa Chichewa amathera ndi -a, choncho aliyense wotseka mizere ndi aneni adzapeza “kufanana” kumeneku osakufuna. Ngakhale kufanana kwa -ira ndi -era n'kwaulere: gula amapereka gulira, phika amapereka phikira, lemba amapereka lembera, gona amapereka gonera. Muzu wokhala ndi a, i kapena u umatenga -ira, wokhala ndi e kapena o umatenga -era. Mukhoza kulemba mizere 20 yothera mu -ira osatuluka thukuta, ndipo womvera adzadziwa kuti simunatuluke thukuta.

Liwu limene khutu limagwira kwenikweni kumathero a mzere si lomaliza. Ndi la phatikizo lotsatizana ndi lomaliza. Tikamayankhula Chichewa n'kufika popumira, timatalikitsa phatikizo limenelo. Nenani kuti “Ndikupita kumunda” mwachizolowezi, mumva kuti mu wa “kumunda” watalika, pomwe nda wangogwa pang'ono. Nenani “Ndikupita” n'kulekera pomwepo, mumva kuti tsopano watalika ndi pi. Lembo la liwu lotalikalo ndi limene limakhalitsa m'khutu, ndipo ndi limene limapatsa mzere mtundu wake.

Tiyeni tiwatulutse malembo amenewa m'ndakatulo ija. Chino ali ndi i, ndekha ali ndi e, akutupa ali ndi u, pothawira ali ndi i, kugona ali ndi o, ndikungodandaula ali ndi u. Ndiye kuti i, e, u, i, o, u: balala, popanda dongosolo. Womvera akumva -a yemweyo akugwa kumathero ngati kuwomba m'manja, koma pamalo potalika, pomwe mtima ukanakhazikika, liwu likusintha mzere uliwonse. N'chifukwa chake ndakatuloyo ikumveka yoimbika koma yosagwira.

Chitani chimodzimodzi ndi yanu. Kumbali kwa mzere uliwonse lembani lembo la liwu la phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, ndipo chitaninso chimodzimodzi pa mawu alionse amene ali patsogolo pa mpumiro m'kati mwa mzere. Mukatero muli ndi chithunzi cha zomwe womvera akumvadi.

Pokonza pali njira zitatu zomwe zimagwira ntchito, ndipo yophweka kwambiri ndi kusintha dongosolo la mawu. Chichewa chimalola kuti mawu asunthe. “Moto palibe pamafuwa” ukuthera pa u ndi a, pomwe “Pamafuwa palibe moto” ukuthera pa o ndi o. Mawu ndi omwewo. Njira yachiwiri ndi kutseka mzere ndi dzina m'malo mwa mneni, chifukwa mayina amathera paliponse: khonde, moto, mudzi, nkhuku. Yachitatu ndi kusintha kanenedwe ka mneni kuti -a achoke. “Ndikulephera kugona” akasanduka “sindinagone”, mathero akhala o ndi e, ndipo mzere wafupika.

Kuikonza ndakatulo ija mzere ndi mzere

Musanasankhe maliwu, sankhani zinthu. Mawu monga chisoni, kupweteka ndi kudandaula amangouza womvera chomwe ayenera kumva, ndipo ali ndi anzawo ochepa oti musinthanitse nawo. Zinthu zapakhomo n'zambiri, ndipo chilichonse chili ndi liwu lake. Mayi atamwalira, pakhomo pamatsala chiyani chosagwiritsidwa ntchito? Mtondo, munsi, lichero, mafuwa, mtsuko, chipande, mthiko, nkhokwe, khonde. Lembani mayina ngati amenewa 15 kapena 20, kenaka muwaike m'magulu potsata lembo la liwu lotalika lija. Pa o pagwa mtondo, khonde, nkhokwe, moto, dontho. Pa u pagwa munsi, mtsuko, mafuwa, phulusa. Pa e pagwa lichero. Gulu la o lakula, ndipo ndi loyenera nkhaniyi, chifukwa potchula o ndi u milomo imasonkhana, mawu amatsikira m'kati, ndipo n'kovuta kuwatchula uku ukumwetulira. Ndiye mizere inayi yoyamba itsekedwe ndi o:

Mtondo wagona pakhonde,
munsi watsamira nkhokwe.
Pamafuwa palibe moto,
mumtsuko mulibe dontho.

Mzere woyamba uli ndi o kanayi, mu to, ndo, go ndi kho. Nd wa “mtondo” akubwereranso mu “pakhonde”, ndipo kh wa “pakhonde” akudutsa kukalowa mu “nkhokwe”, kotero mizere iwiriyi yamangidwa pamodzi popanda kufanana kwathunthu. Awiri oyamba akuthera pa o ndi e, awiri otsatira pa o ndi o. Mzere wachiwiri ukanalembedwa kuti “pankhokwe munsi watsamira”, tanthauzo silikanasintha, koma liwu lotalika likanakhala i ndipo unyolo wa o ukanaduka msanga.

Onaninso kuti agwirizanitsi sanathamangitsidwe. Pa- ali kawiri mumzere wachitatu, mu- ali kawiri mu wachinayi. Kawiri kokha, ndipo pamalo ofanana m'mizere yonse iwiri, monga momwe mwambi wa “Walira mvula walira matope” umaimira pa miyendo iwiri yofanana. Apa galamala ikugwirira ntchito ndakatulo, chifukwa “palibe” ndi “mulibe” ndi amene akunena zakusowa. M wa kumayambiriro kwa mtondo, munsi ndi mumtsuko nayenso ndi waulere, koma ndi liwu la m'mphuno, long'ung'udza, ndipo likugwirizana ndi kulira kwa chamumtima. Liwu laulere silikanidwa ayi, koma lisiyidwe pomwe likuthandiza, lichotsedwe pomwe likusokoneza.

Utali wa mizere uli pa maphatikizo 9, 8, 9, 9. Powerenga maphatikizo samalani ndi m. Mu “mtondo” ndi “mtsuko” m ndi phatikizo palokha, m-to-ndo, pomwe mu “mphepo” ndi “mbale” yodyeramo sali payekha. Chozindikirira chake n'chakuti m woima payekha amasintha pochulukitsa: mtondo, mitondo, mtsuko, mitsuko. Mukamuphonya m ameneyu mudzadabwa chifukwa chake mzere wooneka waufupi ukuchedwa pakamwa. M'ndakatulo yachisoni kuchedwa kumeneko n'kwabwino.

Mizere inayi ya o yakwana. Yachisanu ndi yachisanu n'chimodzi ikapitiriza o, khutu lizolowera n'kugona. Ndakatulo yaifupi imafuna pokhotera pamodzi, pomwe nkhani ndi liwu zikusinthira limodzi. Nkhani yake apa ndi yakuti wina kutali akugwiritsa ntchito mtondo wake, ndipo mwana wamasiye akuganiza kwa kamphindi kuti ndi mayi ake. Pali aneni awiri oti musankhepo. “Akukonola” ndi mawu olondola kwambiri pa chimanga, ndipo ali ndi o kawiri, kotero dzanja limathamangira kumeneko. Koma o wagwira kale ntchito yake. “Akusinja” ali ndi i, liwu lopyapyala, lakutsogolo kwa kamwa, ndipo likugwirizana ndi “kutsidya” ndi “wina”:

Kutsidya wina akusinja: thi, thi, thi.
Ndadzidzimuka: “Amayi?” Zii.

Thi sanangogwa kuchokera kumwamba. T anali kale mu “mtondo” ndi “moto”, ndipo th anamveka mu “dontho”, mawu omaliza mzere wachinayi, choncho khutu lakonzekera. Thi ndi kugunda kwa munsi, komanso ndi mvekero womwe timanenera mtima ukamagunda ndi mantha. Mumzere womaliza dz kawiri mu “ndadzidzimuka” akufewa n'kukhala z wa “zii”. Mawu akuti chisoni sanatchulidwe paliponse, ndipo “amayi” abwera kamodzi kokha, kumapeto.

Mvekero ndi chuma chomwe mlakatuli wa Chichewa ali nacho chochuluka: phee, zii, gwa, chubwi, mbee, psuu, balala. Koma ndi wamphamvu kwambiri moti awiri m'mizere 6 ndi malire. Mukaika m'mzere uliwonse, ndakatulo isanduka nthano ya kalulu.

Chizindikiro chachitatu: papepala chibwereza chilipo, pakamwa palibe

Izi zimachitika pamene mwafananitsa malembo m'malo mwa maliwu. Ikani chikhatho chanu pafupi ndi pakamwa, munene “pala”, kenaka “phala”. Pa “phala” mumva mpweya ukugunda chikhathocho. Chimodzimodzi “kola” ndi “khola”. P ndi ph, t ndi th, k ndi kh, ch ndi tch ndi apachibale, koma si liwu limodzi. Mzere wokhala ndi “kola”, “kuka” ndi “kama” umamveka mouma ndi mopepuka, pomwe wa “khola”, “khasu” ndi “khomo” umakankha mpweya ndipo umalemera. Mukhoza kuwasakaniza, monga t ndi th m'ndakatulo ya mtondo, bola mukudziwa kuti mukukwera kuchoka pa lofewa kupita pa lamphamvu. Ng ndi ng' ndiye n'zosiyana kwambiri: ngolo, ngozi ndi ngongole zili ndi g womveka, pomwe ng'ombe, ng'oma ndi ng'ona zimadzera m'mphuno mokha.

Palinso zosemphana ndi zimenezi. L ndi r amaoneka osiyana papepala, koma m'Chichewa ndi liwu limodzi. Malamulo a kalembedwe amati m'kati mwa mawu tilembe r pambuyo pa i ndi e, ndipo l kwina konse, n'chifukwa chake timalemba “lira” koma “lola”, “maliro” koma “malo”. Mu “kulira maliro” khutu likumva liwu limodzi kanayi, ngakhale diso likuona l awiri ndi r awiri. Ambiri amadutsa chibwereza chabwino chotere osachiona, ena amadzaza mzere ndi l ndi r osadziwa kuti autsetsereka mopitirira.

Mankhwala ake ndi amodzi: musaweruze mzere ndi maso. Ujambuleni pafoni mukuwerenga, kenaka mumvetsere pepala mutalitembenuza.

Chizindikiro chachinayi: omvera akuseka pomwe simunafune

Mlakatuli akangozindikira kuti maliwu a mpweya ali ndi mphamvu, amafuna kuwaika paliponse. Zotsatira zake zimakhala mizere yonga uwu, wofuna kunena za mkwiyo:

Phiri la phulusa laphulika, phokoso laphimba phanga.

Ph ali ka 6, onse pa masinde, ndiye lamulo lija latsatidwa. Koma womvera wasiya kumva za mkwiyo, akudikira kuona ngati lilime la wolakatula lipunthwe. Komanso tanthauzo lagonja: phanga lalowa bwanji m'nkhaniyi, kupatula kuti likuyamba ndi ph? Ichi ndi chizindikiro chosaphonya. Mukapeza mawu amene simungafotokoze chifukwa chake alipo popanda kutchula liwu lake, achotseni, ngakhale akukoma chotani. M'ndakatulo ya mtondo, “mondokwa” akanagwirizana bwino ndi o ndi nd, koma mondokwa alibe chochita pakhonde la namfedwa.

Njira yabwino ndi kubwereza mtundu wa liwu m'malo mwa liwu limodzi lomwelo. Ph, th ndi kh onse ndi a mpweya, ndipo akasinthana amapereka ukali popanda kupunthwitsa lilime:

Mphepo yathyola nthambi, yaphwasula khumbi.

Apa mph, thy, nth, phw ndi kh akugunda kasanu, koma milomo, mano ndi kukhosi zikulandirana ntchito. Mb wa “nthambi” akubwerera mu “khumbi”, pa mipumiro yonse iwiri, ndipo ndi amene akutseka mzere. Tsono yerekezani ndi mzere uwu, wa mvula yabata:

Mvula yowaza yanyowetsa maluwa a nyemba.

Mulibe ph, th kapena kh. Muli w, y, ny, l, z ndi mv, maliwu omwe mpweya umadutsa osatsekeredwa mwamphamvu, ndipo mzere ukuyenda osagunda. Chondithandiza ine n'chakuti liwu loyamba limodzi lomwelo lisapitirire katatu pa masinde a mzere umodzi, ndipo pakati pake pakhale mawu ena opumulitsa khutu. Ili si lamulo lolembedwa penapake, ndi malire chabe omwe ndimaona kuti kupitirira apo womvera amayamba kuwerenga maliwu m'malo momva nkhani.

Malire a zonsezi

Pali chiphunzitso chomwe chimafala chakuti liwu lililonse lili ndi tanthauzo lake: o ndi wachisoni, i ndi wachimwemwe, kh ndi waukali. Musachikhulupirire chonchi. O yemweyo ali mu moni, zikomo ndi chikondi, ndipo “Pang'onopang'ono ndi mtolo” si mwambi wamaliro. I ali mu imfa, maliro ndi misozi. Kh ali mu khanda. Liwu palokha silinena kanthu. Limangokuza chomwe mawu anena kale, ndipo limachita zimenezi makamaka m'njira ziwiri: kuchedwetsa kapena kufulumizitsa pakamwa, ndi kuzoloweretsa khutu chinthu chimodzi kuti chikasintha womvera adzidzimuke. M'ndakatulo ya mtondo i akubaya chifukwa wabwera pambuyo pa mizere inayi ya o. Mukanayamba ndi mizere inayi ya i, o ndi amene akanagwira ntchito yokhotetsa. Choncho funso lothandiza si lakuti liwu lachisoni ndi liti, koma lakuti khutu mwalizoloweretsa chiyani, nanga mukulisintha pa mzere uti.

Kukweza ndi kutsitsa mawu nakonso kumalowererapo, ngakhale sitikulemba. “Mtengo” wa m'nkhalango ndi “mtengo” wa pamsika amalembedwa mofanana koma satchulidwa mofanana. Mawu awiri angafanane malembo onse a kumathero koma limodzi likukwera pomwe linzake likutsika, ndipo pakamwa kufananako kumachepa. Katchulidwe ka ku Dedza, ku Zomba, ku Nkhotakota ndi ku Chipata sikofanana ndendende, ndiye yesani mzere ndi pakamwa pa anthu omwe mukuwalembera.

Ndakatulo yakonzedwa, koma polakatula ikumvekabe yosalala

Mukafika apa vuto silikhalanso m'mawu koma m'mipumiro. Kutalika kwa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza kumamveka bwino pokhapokha mukapumadi. Wolakatula wamantha amalumikiza mzere ndi unzake, “pakhondemunsiwatsamira”, ndipo o wa “pakhonde” amafupika n'kutayika, limodzi ndi ntchito yonse yomusankha. Pa pepala lowerengera ikani kamzere pomwe mupume, ndipo kumathero a mzere uliwonse muwerenge chamumtima kamodzi musanapitirire. Pomwe pali mpumiro waukulu, monga pambuyo pa “nkhokwe” ndi “dontho”, muwerenge kawiri.

Palinso cholakwika chosemphana nacho, chomwe chimamveka kwambiri pamisonkhano ndi pa zochitika za kusukulu: kukoka lembo lomaliza la mzere uliwonse, “pakhondeee”, “nkhokweee”, ndi mawu okwera. Kukoka kotere kumachotsa kulemera pa o n'kukuika pa e, ndipo mizere yonse imamveka mofanana kaya ndi yachisoni kaya yaukwati. Talikitsani kho, khonde ligwe lokha.

Ngati mukulakatula pa chimkuzamawu, samalani ndi ph, th ndi kh, chifukwa mpweya wake umagunda chipangizocho n'kumveka ngati kuphulika. Chiikeni chapambali pang'ono pa kamwa, pamtunda wa chikhatho chimodzi, makamaka pa “thi, thi, thi”. Atatuwo atchulidwe motalikirana mofanana, monga amagwera munsi, osakweza mawu pa lachitatu. Pakati pa “Amayi?” ndi “Zii” pakhale mpumiro wautali kuposa ina yonse, wokwana kuwerenga katatu, chifukwa womvera ayenera kupatsidwa nthawi yodikira yankho. Mukaufupikitsa, “zii” amamveka ngati dzina lachiwiri la amayiwo, ndipo wina kumbuyo adzafunsa mnzake kuti mwati chiyani.